Kawerengedwe ka msonkho wa bizinesi ya munthu payekha: chitsanzo cha wogulitsa mpunga ku Nkhotakota

Msonkho wa bizinesi suwerengedwa pa ndalama zonse zimene zadutsa m'manja mwanu, ndiponso suwerengedwa pa ndalama zimene zatsala m'thumba chaka chikatha. Umawerengedwa pa phindu, ndipo phindu lake ndi lija mungathe kulionetsa ndi mapepala munthu wa ku MRA atakhala nanu pansi. Anthu ambiri ochita malonda a mpunga, nsomba kapena hadiweya kuno ku Nkhotakota amaopa magawo a msonkho, koma kuwerenga magawowo n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ili pa kupeza phindu lolondola, ndipo m'pamene tikhalitsepo.

Malangizowa ndi a munthu amene bizinesi ndi yake payekha, osati kampani yolembetsedwa kukhala payokha. Pamaso pa lamulo, munthu wotere ndi bizinesi yake ndi chinthu chimodzi, choncho phindu la bizinesi ndi ndalama zake iyeyo, ndipo limadulidwa msonkho pa magawo omwe aja amadulira malipiro a anthu apantchito. Dziwaniponso kuti mabizinesi ang'onoang'ono, amene malonda awo onse a pachaka safika K12,500,000, anawaikira njira ina yachidule yotchedwa `Presumptive Tax`, yomwe munthu amangolipira ndalama yoikika popanda kuchotsera zimene wawononga. Zimene zili pansipa ndi za amene apyola pamenepo.

Titsatira mayi wina wongoyerekeza. Amagula mpunga wa kilombero wosapuntha kwa alimi a kufupi ndi mtsinje wa Bua, amakaupunthitsa kuchigayo pa boma, n'kumautumiza pa lole ku Lilongwe kudzera ku Salima. Ndalama zake zonse ndazipeka kuti masamu aoneke bwino, koma magawo a msonkho ndi enieni a chaka choyambira pa 1 Epulo 2024 kulekeza pa 31 Malichi 2025.

Choyamba: sonkhanitsani zonse zimene munagulitsa

Tengani kope la malonda, mabuku a malisiti, sitetimenti ya kubanki ndi mbiri ya Airtel Money kapena Mpamba, muonkhetse zonse zimene munagulitsa pakati pa masiku awiri aja. Mayi wathu anapeza K38,000,000 kuchokera kwa eni mashopu a ku Lilongwe. Ndalama imeneyi palibe amene angaiiwale. Zimene zimaiwalika ndi zitatu zina.

Anaperekanso mpunga wa K10,000,000 ku sukulu ina yogonera komweko, koma ku akaunti kwake kunalowa K9,700,000, chifukwa sukuluyo inadula 3 peresenti ngati msonkho wodulidwiratu, uja pa satifiketi amalemba kuti `Withholding Tax`. Pa malonda alembe K10,000,000 yonse. K300,000 inadulidwayo sinatayike, ndi msonkho wake womwe wafika kale ku MRA, ndipo tidzaichotsa kumapeto. Akalemba K9,700,000 pano, kenaka n'kudzachotsanso K300,000 kumapeto, ndiye kuti waipindulira kawiri, ndipo zidzaonekera mosavuta chifukwa sukuluyo inalemba kale ku MRA ndalama yonse imene inagulira.

Chachiwiri ndi madeya ndi mpunga wosweka umene amagulitsa pakhomo pa chigayo kwa oweta nkhuku ndi ophika phala. Ndalama zake zimabwera pang'onopang'ono, zina zimathera pomwepo pa ndiwo, koma pachaka zinakwana K1,200,000, ndipo ndi malonda ndithu. Chachitatu ndi mpunga wa K800,000 umene anaupereka pangongole mu Malichi kwa mwini shopu wina amene pofika pa 31 anali asanalipire. Katundu anatuluka m'chakachi, choncho malondawo ndi a chaka chino, ngakhale ndalama idzabwere mu Meyi. Zonse pamodzi zikukwana K50,000,000.

Ndalama zimene sizinabwere chifukwa cha malonda musaziphatikize. Ngongole imene munatenga kubanki, ndalama imene munatapa ku banki m'khonde, kapena imene mlongo wanu wa ku Joni anatumiza kuti muonjezere mpamba, zonsezi si malonda. Koma muzilembe padera ndi umboni wake, chifukwa pa sitetimenti zimaoneka ngati ndalama zolowa, ndipo mukalephera kufotokoza kumene zinachokera zikhoza kutengedwa ngati malonda amene munabisa.

Chachiwiri: mtengo wa katundu amene anatulukadi

Apa ndi pamene ndimaona anthu akusokonezeka kwambiri, ndipo si chifukwa cha chinyengo ayi. Mayi wathu anagula matumba 670 a mpunga wosapuntha pa K50,000 thumba, zomwe ndi K33,500,000. Mwachibadwa munthu amafuna kuchotsa ndalama yonseyi pa malonda, poti inatulukadi m'thumba. Lamulo sililola choncho. Limalola kuchotsa mtengo wa katundu amene wagulitsidwa basi. Thumba limene likadali m'shedi pa 31 Malichi silinakuwonongetseni kanthu, ndi ndalama yanu yomwe yangosandulika mpunga.

Ndiye kawerengedwe kake kali motere. Yambani ndi katundu amene munali naye pa tsiku loyamba la chaka. Mayiyu anali ndi matumba 75 otsala chaka chatha, amene anagula pa K40,000, kutanthauza K3,000,000. Onjezerani zimene munagula m'chakachi. Chotsani zimene munatengera kunyumba. Chotsaninso zimene zatsala pa tsiku lomaliza.

Zotengera kunyumba zisakuchititseni manyazi kulemba. Wogulitsa mpunga sagula mpunga wa pa Khirisimasi kapena wa pa Idi kumsika, amatapa m'shedi. Mayiyu anatenga matumba 10 m'chaka chonse, ena a pakhomo, ena anapita ku ukwati wa mphwake, awiri anapita pamaliro. Ndi K500,000 imeneyo, ndipo siyenera kulowa pa zowonongera bizinesi chifukwa mpungawo sunabweretse ndalama iliyonse. Pa 31 Malichi anawerenga m'shedi n'kupeza matumba 100, omwe pa mtengo wogulira ndi K5,000,000. Zindikirani kuti tikuwerengera pa mtengo umene anagulira, osati umene akuyembekeza kudzagulitsira mpunga ukadula.

```
  3,000,000   otsala chaka chatha
+33,500,000   ogula m'chakachi
-   500,000   otengera kunyumba
- 5,000,000   otsala pa 31 Malichi
=31,000,000
```

Tikachotsa K31,000,000 pa malonda a K50,000,000, patsala K19,000,000. Limeneli ndi phindu la pa katundu, tisanachotse zina zoyendetsera bizinesi.

Taonani chimene chingachitike atapanda kuwerengera matumba 100 aja. Phindu lake likhoza kuoneka lochepa ndi K5,000,000 yathunthu, ndipo monga tionere kutsogoloku, msonkho wake ungatsike kuchoka pa K2,250,000 kufika pa K800,000. Kusiyana kwa K1,450,000 kumeneku kukadzapezeka pa kafukufuku wa mabuku, adzakulipira pamodzi ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja. Ndipo kupezeka kwake sikuvuta: munthu amene akuti anagula matumba 670, n'kukhala kuti malisiti a kuchigayo akuonetsa matumba ochepa, ayenera kunena kumene ena aja ali. Inunso mungadziyese nokha m'njira yomweyi. Kwa mayiyu, 75 kuphatikiza 670, kuchotsa 10, kuchotsa 100, akutsala matumba 635, ndipo malisiti a kuchigayo ayenera kugwirizana ndi nambala imeneyi. Zikapanda kugwirizana, pena pali malonda osalembedwa kapena katundu wobedwa, ndipo ndi bwino mudziwe inuyo poyamba. Musadandaulenso kuti matumba 100 aja mwaluza mwayi wowachotsera. Chaka chamawa ndiwo adzakhale pa mzere woyamba uja.

Chifukwa chake, madzulo a pa 31 Malichi kapena m'mawa wa pa 1 Epulo, lowani m'shedi ndi cholembera, muwerenge thumba limodzilimodzi, mulembe tsiku, musaine, wantchito wanu asainenso. Ngati pali mpunga wopunthidwa kale, ulembeni padera. Wonyowa kapena wofumbwa muulembenso padera ndi kuujambula pafoni, chifukwa mtengo wake watsika ndipo mudzafuna umboni wake.

Pali vuto lina limene aliyense wogula kumunda amalidziwa: mlimi sapereka lisiti. K33,500,000 yonse ija ilibe pepala lochokera kwa wogulitsa. Njira yake ndi yoti lisitiyo muilembe inuyo. Gulani buku la malisiti la kaboni, ndipo pa sikelo pomwepo lembani tsiku, dzina la mlimi, mudzi wake, makilo, mtengo wa kilo ndi ndalama yonse, iye asaine kapena adinde chala, mumupatse pepala lapamwamba. Pamene zingatheke mulipireni kudzera pafoni, kuti nambala ya uthenga wotsimikizira ilembedwe pa lisiti yomweyo. Nthawi yokolola pamakhala piringupiringu, ogula ena akukuwa mitengo pambali panu, ndipo kulemba kumaoneka ngati kuchedwetsa. Komabe buku limeneli ndi limene likuteteza chochotsera chachikulu kuposa zonse pa bizinesi yanu.

Chachitatu: zowonongera bizinesi zimene lamulo limalola

Lamulo la msonkho, Taxation Act, limalola kuchotsa ndalama imene yawonongedwa yonse pa bizinesi yokha, komanso moyenerera, pofuna kupeza ndalama zimene zikudulidwa msonkhozo. Siikhale ya pakhomo, ndiponso siikhale yogulira chinthu chokhalitsa. Pa chilichonse chimene mukufuna kulemba dzifunseni kuti, bizinesiyi ikanakhala kulibe, ndalama imeneyi ndikanaitulutsabe? Ngati yankho ndi inde, musaichotse.

Zambiri za mayi wathu n'zosakayikitsa. Kuchigayo analipira K1,500,000. Malole opita ku Lilongwe anadya K2,400,000. Masaka, ulusi ndi aganyu okweza ndi kutsitsa zinakwana K900,000. Lendi ya shedi ndi K60,000 pamwezi, yomwe ndi K720,000 pachaka. Mnyamata woyang'anira shedi amalandira K100,000 pamwezi, pachaka K1,200,000. Laisensi ya kukhonsolo ndi ziphaso za pamsika zinakwana K180,000, ndipo zimene banki ndi makampani a foni anadula potumiza ndi potapa ndalama zinakwana K220,000. Chomalizachi anthu amachiiwala kawirikawiri chifukwa chimadulidwa osachiona, koma chili pa sitetimenti ndipo n'chololedwa. Zonsezi pamodzi ndi K7,120,000. Kwa aganyu ndi kwa mwini lole amene alibe lisiti, chitani monga kwa mlimi: buku lanu, tsiku, nambala ya galimoto, siginecha.

Ngongole ndiyo imafuna kusamala. Mu Meyi mayiyu anakongola K5,000,000 yogulira mpunga, ndipo pofika mu Malichi anali atabweza K6,000,000. Chololedwa kuchotsa ndi chiwongoladzanja chokha, K1,000,000. K5,000,000 inayo sichotsedwa, chifukwa pamene inabwera sitinaiwerenge ngati malonda, komanso mpunga umene inagula tauchotsa kale pa sitepe yachiwiri. Pemphani kubanki kapena ku bungwe lobwereketsa pepala losonyeza kuti pa zimene munabweza, chiwongoladzanja ndi zingati. Ngongoleyo ikanakhala kuti theka lake linakafolera nyumba, theka la chiwongoladzanjacho silikanaloledwa.

Kenaka pali zinthu zimene zimagwira ntchito konsekonse, kubizinesi ndi kunyumba. Foni yake inadya K360,000 ya mayunitsi ndi bandulo, koma foni yomweyo ndi imene amaimbira ana kusukulu. Atayang'ana mbiri ya mafoni a mwezi umodzi wa pakati pa chaka, anaona kuti magawo awiri mwa atatu anali a malonda, ndiye analemba K240,000. Maulendo a kabaza ndi minibasi anakwana K900,000, koma kope lake likuonetsa kuti opita kukagula mpunga, kuchigayo ndi kukatolera ndalama ku Lilongwe ndi a K540,000. Otsalawo anali a kuchipatala, kumaliro ndi kokaona abale ku Dwangwa. Kugawa kotere kulibe nambala yoikika. Chofunika n'chakuti muthe kunena mmene munafikira pa gawo limene mwalembalo. Amene amalemba foni yonse ndi mafuta onse ngati za bizinesi amachititsa kuti ngakhale zoona zake zikayikiridwe.

Katundu wokhalitsa ali ndi njira yakeyake. Sikelo yaikulu ndi makina osokera matumba zimagwira ntchito zaka zambiri, choncho mtengo wake suchotsedwa wonse chaka chimene mwagula. Umachotsedwa pang'onopang'ono, peresenti yoikika chaka chilichonse malinga ndi gulu la katunduyo, ndipo pa fomu zimalowa pamene alemba kuti `Capital Allowances`. Peresentiyo imawerengedwa pa mtengo wotsala, osati pa mtengo wogulira. Mayiyu anagula zipangizozi zaka zapitazo, ndipo pa 1 Epulo 2024 mtengo wake wotsala m'mabuku unali K1,000,000. M'chitsanzo chino tigwiritsa ntchito 10 peresenti, ndiye chaka chino achotsa K100,000, ndipo chaka chamawa adzayambira pa K900,000. Kukonzetsa sikelo ikathyoka kumachotsedwa konse chaka chomwecho, koma kugula ina yatsopano kumalowa m'njira yapang'onopang'onoyi.

Tikaphatikiza K7,120,000, K1,000,000, K240,000, K540,000 ndi K100,000, tikupeza K9,000,000. Kuichotsa pa K19,000,000 ija, patsala K10,000,000. Ili ndilo phindu loyenera kudulidwa msonkho.

Zina anazisiya kunja, ndipo anachita bwino. Mwezi uliwonse amadzitengera ndalama ya pakhomo, ndipo amaitcha malipiro ake, koma mwini bizinesi ya payekha sangadzilembe ntchito. Chilichonse chimene watenga ndi gawo la phindu lomwelo, osati chochotsera. Fizi ya ana, chakudya cha pakhomo, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, chipepeso cha pamaliro, zonsezi n'zofunika pa moyo wa munthu, koma si za bizinesi. Chindapusa cholipira chifukwa chophwanya lamulo sichichotsedwa, ndipo msonkho weniweniwo, kuphatikizapo chilango chochedwera kuulipira, suchotsedwanso. Za K800,000 ya ngongole ija, sangaichotse pongoopa kuti mwina sidzabwera. Ikadzatsimikizika kuti yafa, atayesa kuitolera ndipo ali ndi makalata kapena mauthenga osonyeza zimenezo, adzaichotsa m'chaka chimene yaferacho.

Chachinayi: gawani phindu m'magawo a msonkho

M'chaka cha 2024/25 magawo anali motere pachaka. K1,800,000 yoyamba sinkadulidwa kanthu. K4,200,000 yotsatira, kutanthauza kufika pa K6,000,000, inkadulidwa 25 peresenti. K24,600,000 yotsatira, kufika pa K30,600,000, inkadulidwa 30 peresenti, ndipo zopyola pamenepo 35 peresenti. Kawirikawiri magawowa amalengezedwa pamwezi chifukwa cha anthu apantchito, monga K150,000 yosadulidwa pamwezi. Inu a bizinesi muchulukitse ndi 12. Magawowa amasintha ndi bajeti ya boma: Epulo 2024 asanafike, gawo losadulidwa linali K100,000 pamwezi. Choncho musanawerenge, tengani ku MRA magawo a chaka chenicheni chimene mukuwerengeracho, osati amene munamva kale. Njira yowerengera ndiyo sisintha.

Ganizirani ndowa zoikidwa pamzere, ndipo phindu lanu ndi madzi: yoyamba ikadzaza, otsala okha ndiwo amapita m'ndowa yachiwiri, ndipo ndowa iliyonse ili ndi mtengo wake. K10,000,000 ya mayi wathu ikudzaza yoyamba ndi yachiwiri, n'kutsala K4,000,000 yolowa m'yachitatu.

```
1,800,000 x  0% =         0
4,200,000 x 25% = 1,050,000
4,000,000 x 30% = 1,200,000
                  2,250,000
```

Msonkho wake wa chaka chonse ndi K2,250,000. Onetsetsani nthawi zonse kuti zigawo zimene mwadula zikaphatikizidwa zikubwezeretsa phindu lonse: 1,800,000 ndi 4,200,000 ndi 4,000,000 zikupanga 10,000,000. Cholakwika chofala n'kuchulukitsa phindu lonse ndi 30 peresenti, zomwe zingapereke K3,000,000, kupyola ndi K750,000. Chinanso n'kuwerenga gawo lachiwiri ngati K6,000,000 yonse m'malo mwa K4,200,000, kuiwala kuti K1,800,000 inalowa kale m'gawo loyamba. K750,000 imeneyi ingakuthandizeninso kudziyesa: pa magawo a chaka chimenechi, phindu lililonse la pakati pa K6,000,000 ndi K30,600,000, msonkho wake ndi 30 peresenti ya phindulo kuchotsa K750,000.

Ndimamva chisoni ndikamva munthu akunena kuti akuopa kukulitsa malonda kuti angalowe m'gawo la 30 peresenti. Pa magawo a 2024/25 amene tagwiritsa ntchitowa, munthu wa phindu la K6,000,000 amalipira K1,050,000. Phindu likakwera kufika pa K6,100,000, amalipira K1,080,000. K100,000 yoonjezerayo yokha ndiyo yadulidwa K30,000, ndipo K70,000 ndi yake. Ngakhale mayi wathu, amene wafika m'gawo la 30 peresenti, msonkho wake wonse ndi 22.5 peresenti ya phindu.

Koma 30 peresenti imeneyi ili ndi phunziro lina lokhudza mapepala. Chochotsera chilichonse chimachoka pamwamba, m'gawo lodula kwambiri limene mwafikamo. Ndiye kwa mayiyu, ulendo wa lole wa K200,000 umene alibe umboni wake ukakanidwa, msonkho ukwera ndi K60,000.

Chachisanu: chotsani zimene munalipira kale

K2,250,000 si imene akapereke tsopano, chifukwa zina zinapita kale. Choyamba ndi K300,000 imene sukulu ija inadula. Kuti iwerengedwe, pafunika satifiketi ya msonkho wodulidwiratu yokhala ndi TPIN yake yolondola, nambala ija MRA imapereka kwa wolipira msonkho aliyense. Itengeni nthawi imene mukulipidwa, osadikira chaka chithe, chifukwa kuilondola patapita miyezi khumi n'kovuta, ndipo ngati odulawo analakwitsa TPIN ndalamayo sidzaoneka pa akaunti yanu ya msonkho. Lowani pa tsamba la MRA la pa intaneti lotchedwa Msonkho Online muone ngati yalembedwa m'dzina lanu.

Chachiwiri ndi msonkho wolipiriratu, `Provisional Tax`. Wabizinesi sadikira chaka chithe kuti ayambe kulipira. Amayerekeza phindu la chaka, n'kumalipira pa miyezi itatu iliyonse, pasanapitirire pa 25 mwezi wotsatira. Kwa amene chaka chake chimatha pa 31 Malichi, masikuwa ndi 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Zimene zalipiridwiratu ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho, apo ayi pamakhala chilango. Mayi wathu ankalipira K450,000 ulendo uliwonse, yonse K1,800,000. Kuphatikiza ndi K300,000 ija ndi K2,100,000, yomwe yapyola K2,025,000, imene ndi 90 peresenti ya msonkho wake. Chotsala kuti alipire ndi K150,000.

Kwa wogula mpunga, tsiku lovuta ndi la 25 Julayi, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene ndalama yonse ili m'matumba ndipo mpunga ukadali wotsika mtengo kumunda, moti kwacha iliyonse imafuna kukagula. Chimene chimathandiza n'kupatula ndalama ya msonkho pa lole iliyonse imene yagulitsidwa, n'kuiika ku akaunti ina yomwe simutapako. Ndipo mukafika mu Januwale, onaninso kuyerekeza kwanu. Ngati malonda ayenda bwino kuposa mmene munkaganizira, kwezani malipiro awiri omalizawo kuti musapezeke pansi pa 90 peresenti. Zikachitika kuti zimene munalipira kale zapyola msonkho weniweni, yapamwambayo ndi yanu, ndipo mungapemphe kuti ibwezedwe kapena iwerengedwe pa msonkho wotsatira.

Ngati muli pantchito komanso muli ndi bizinesi

Aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito kumunda wa nzimbe ambiri amachita malonda a mpunga pambali, ndipo amawerenga msonkho wa bizinesi ngati kuti ndi wa munthu wina. Gawo losadulidwa lija ndi limodzi pa munthu, osati limodzi pa malipiro ndi lina pa bizinesi. Tiyerekeze kuti mayi yemweyu amalandiranso K400,000 pamwezi kuntchito, yomwe ndi K4,800,000 pachaka. Ndalama zake zonse ndi K14,800,000, ndipo msonkho wake ndi 30 peresenti ya ndalamayi kuchotsa K750,000, zomwe zikupereka K3,690,000. Kuntchito amamudula K62,500 pamwezi, pachaka K750,000. Ndiye bizinesi yomwe ija, ya phindu lomwe lija, tsopano ikubweretsa msonkho wa K2,940,000 m'malo mwa K2,250,000, chifukwa magawo otsika anadyedwa kale ndi malipiro. Lendi ya nyumba imene mumachititsa imaphatikizidwanso chimodzimodzi.

Kupereka fomu

Fomu ya pachaka iperekedwe pasanathe masiku 180 chaka chanu chitatha, kutanthauza chakumapeto kwa Sepitembala kwa amene amatseka mabuku pa 31 Malichi, ndipo chotsala chija chilipiridwe nthawi yomweyo. Mukhoza kuipereka pa Msonkho Online pogwiritsa ntchito TPIN yanu, ndipo ngati simunalembetse, yambirani ku ofesi ya MRA imene muli nayo pafupi, mutanyamula chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya bizinesi.

Chaka chimene mwaluza musachisiye osapereka fomu poganiza kuti palibe cholipira. Tiyerekeze kuti madzi analowa m'shedi, mpunga n'kuwonongeka, ndipo masamu omwewa akupereka kuluza kwa K2,000,000. Kuluza kumeneku lamulo limalola kukunyamula n'kudzakuchotsa pa phindu la zaka zotsatira, mpaka zaka 6. Chaka chotsatira phindu likadzakhala K10,000,000, msonkho udzawerengedwa pa K8,000,000, ndipo pa magawo amene tagwiritsa ntchitowa ndiko kupulumutsa K600,000. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha kuluzako kunalembedwa pa fomu ya chaka chimene kunachitikira, pamodzi ndi pepala la kuwerenga katundu ndi zithunzi za matumba owonongekawo.